Za Mawu Oitanira Alendo ku Msika Wathu



Mwezi uno tifuna kukusimbirani za thabwa limodzi ndi mawu 7 amene tinalembapo. Mwina mudzati nkhani yake njochepa, koma ife inatidyera masabata atatu, ndipo anthu ena amene adyera mbale imodzi kuyambira ubwana wawo anagona masiku awiri osalonjerana chifukwa cha mawuwo. Popeza ambiri a inu mugulitsa kanthu pa mseu, kaya ndi mphasa, kaya ndi zitumbuwa, tayesa kuti nkwabwino mumve umo tinapunthwira ndi umo tinadzukira.

Ife ndife anthu a pa Dedza, osema, oumba, oluka ndi okazinga, amene tiyala malonda athu malo amodzi. Tauni yathu ili pa mtunda wa makilomita ngati 85 kuchokera ku Lilongwe, pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu June ndi July chisanu chake chilowa mpaka m'mafupa. Mseu waukulu wa M1 sulowa pakati pa tauni, ungolambalala m'mbali. Kotero galimoto zopita ku Ntcheu ndi ku Blantyre zipyola osatiwona, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Nchifukwa chake tinapangana kusonkha ndalama, kugula thabwa ndi utoto, kupempha chilolezo kwa oyang'anira mseu, ndi kuimika chikwangwani pafupi ndi pokhotera.

Ntchito yopeka mawu tinaipereka kwa anyamata athu awiri odziwa sukulu. Tsiku la msonkhano anaimirira nawerenga mokweza: "Msika woposa misika yonse m'Malawi: zosema za phingo zokhazokha, chakudya chaukhondo chokoma koposa, mitengo yotsika nthawi zonse." Tinawomba m'manja tonse, amayi nalulutira, pakuti palibe munthu adana ndi kumva mwana wake akutamidwa. Koma agogo ena oumba mbiya, amene anakhala kumbuyo atafunda nsalu kumutu, sanawombe m'manja ayi. Atafunsidwa anati: "Ana inu, mawuwo ngokoma. Koma mlendo akatsika m'galimoto nafunsa kuti zimene mwalembazi zili kuti, adzamuyankha ndani? Thabwa silichita manyazi. Adzachita manyazi ndi ine amene ndikhala poyamba polowera."

Pamenepo tinakumbuka chimene chinatigwera chaka chapitacho, chimene tonse tinkachidziwa koma osafuna kuchitchula. Panali dalaivala wina wonyamula alendo, amene ankaima pathu kawirikawiri. Tsiku lina mayi mmodzi mwa alendo ake anagula njovu yosema, yakuda bii, atauzidwa kuti nja phingo, nalipira mtengo wa phingo. Anaikulunga m'malaya oyera naiika m'chikwama. Pofika kogona anapeza malaya ali mathothomathotho akuda, ndi njovu itatuwa pamsana, pakuti inali ya mtengo wamba wopakidwa polishi wa nsapato. Mayiyo sanabwerenso kudzadandaula, koma dalaivala uja kuyambira tsiku limenelo anayamba kupyola osaima. Ananama ndi munthu mmodzi, koma njala yake inagwa pa mabanja onse, ndi okazinga omwe amene sanagwirepo sompho chibadwire. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono tinagwirizana kuti mawu aliwonse a pa thabwalo tiwaimike pabwalo ngati munthu wa mlandu, ndi kuwafunsa mafunso atatu. Loyamba: kodi mawuwa ngoona tsiku lililonse, dzinja ndi malimwe, kapena ngoona pa tsiku labwino lokha? Lachiwiri: kodi mlendo angathe kutsimikiza ndi maso ake, dzanja lake kapena lilime lake asanalipire? Lachitatu: akapezeka abodza, adzayankha ndani? Mawu olephera funso limodzi anali ndi njira ziwiri zokha: kuwafafaniza, kapena kukonza ntchito yathu kuti akhale oona.

Anayamba kulowa pabwalo ndi aja akuti "woposa misika yonse." Awa sanachedwe kugwa. Tinafunsana kuti mwa ife alipo ndani amene anayenda misika yonse ya m'dziko muno, ndipo sanapezeke. Ngakhale pafupi pompano, amene anaima pa Lizulu adziwa milu ya kabichi, matimati ndi mbatata imene iwunjikidwa m'mbali mwa mseu. Amene anatsikira ku Mua, kumene mishoni inayamba mu 1902 ndi nyumba ya luso ya KuNgoni mu 1976, anawona zosema zimene ife tomwe tiima nkuziyang'ana pakamwa pali yasa. Ndipo alendo ambiri odutsa pathu achokera kapena apita komweko. Munthu amene wawona zimenezo dzulo, lero nawerenga kuti ife tiposa onse, sangakwiye ayi, adzangoseka. Koma akaseka mawu oyamba sakhulupiriranso otsatira. Tinaphunzira kuti mawu oyerekeza, monga "koposa," "kopambana" ndi "kulibe kwina," aitana mlendo kuti akhale woweruza pamene ife tifuna akhale wogula.

Mawu achiwiri, "za phingo zokhazokha," ndiwo anabutsa mkangano waukulu. Osema ena anati liwu la phingo ndilo liimitsa galimoto, ndipo ukalichotsa watsala ndi nkhuni. Tinati tiyese. Tinatunga ndowa ya madzi, tinatenga kansalu koyera ndi palafini pang'ono, ndipo aliyense anabwera ndi kachosema kamodzi kakuda. Inu amene simunagwirepo mtengowu mverani zizindikiro zake. Mtengo wa phingo ngolemera kwambiri, ndipo kachidutswa ka mtima wake kamira m'madzi ngati mwala, ngakhale kataumitsitsa. Kuda kwake nkwa m'kati, ukapala pansi ndi mpeni upeza mdima womwewo, nthawi zina wofiirira pang'ono, ndipo kawirikawiri m'mphepete mutsala kamzere koyera ka kunja kwa mtengo. Umera kumalo otentha, ukula pang'onopang'ono, ngwokhotakhota, ndipo nthawi zambiri uli ndi mphako. Choncho chosema chachikulu, chakuda paliponse mofanana, chopepuka m'manja, nchokayikitsa. Mtengo wopakidwa polishi uyandama, ndipo ukaupukuta ndi kansalu konyowa ndi palafini kansaluko kada.

Mwa zosema zonse zimene zinaponyedwa m'ndowa tsiku lija, zomira zinali zowerengeka, zambiri zinayandama, ndipo ana amene anaunjikana anaseka mpaka kugwa pansi. Ena a ife anapsa mtima nachoka. Koma mkulu wina wosema mipando ya ndalema ndi mabawo anati: "Abale anga, ine ndisema mlombwa kuyambira ndili mnyamata. Mlombwa uli ndi mizere yake yokongola, chiswe sichiulowa msanga, ukauma supindika. Ndiuchitirenji manyazi mpaka kuuveka dzina la mnzake?" Mawu amenewa anaziziritsa mitima. Tinafafaniza phingo pa thabwa, ndipo tinapangana kuti pansi pa chosema chilichonse pazilembedwa dzina la mtengo wake ndi pensulo: mlombwa, m'bawa, kapena phingo ngati ndi phingodi. Chodetsedwa ndi polishi sitinachiletse, pakuti alipo ochikonda. Tinangoti wogulitsa azinena yekha asanafunsidwe.

Kenaka tinafika pa chakudya. "Chokoma koposa" chinagwa ndi funso lachiwiri, chifukwa kukoma kuli pa lilime la mwini, ndipo chimene ife tichiyesa chokoma wina achiyesa chowawa tsabola. Amayi ena anati ndiye titchule mayina a zakudya zathu zonse: tchipisi, kanyenya, chimanga chootcha, mbewa, zitumbuwa, mandasi, zigumu ndi thobwa. Maganizowa anali abwino, pakuti dzina la chinthu lidzutsa njala kuposa chitamando chake. Koma funso loyamba linazipeta ngati lichero. Chimanga chachiwisi chichuluka kumapeto kwa dzinja, ndipo cha kudimba chipezeka mwa apo ndi apo. Mbewa nza m'malimwe, anthu atakolola. Thobwa m'miyezi yozizira saphika tsiku ndi tsiku. Mlendo amene wakhota chifukwa cha chimanga chootcha napeza makala ozima wanamizidwa, ngakhale ife sitinafune kumunamiza. Chimene sichisowa chaka chonse ndi chiwaya, popeza mbatata ya kachewere ilimidwa kwambiri m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu, ndipo moto wa okazinga uyaka tsiku lililonse. Tinaona kuti pa chakudya tili ndi lonjezo limodzi lokha losaphonya, ndipo tinaligwira limenelo.

Liwu lakuti "chaukhondo" linatisautsa mwa njira ina. Palibe amene anafuna kuimirira nkunena kuti chakudya chathu nchauve. Koma tonse tikumbukira kolera imene inabuka m'dziko muno mu 2022 nipitirira mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700, ndipo m'malo ena kugulitsa zakudya zophikaphika kunaletsedwa kwa kanthawi. Nthendayi iyenda m'madzi ndi m'chakudya chokhudzidwa ndi manja osasamba. Tsono liwu ili si lokometsera malonda chabe, ndi lonjezo lokhudza moyo wa munthu. Tinafunsana: kodi madzi otsukira mbale asinthidwa kangati pa tsiku? Kodi kabichi wodula wothira pa tchipisi atsukidwa ndi madzi otani, popeza iye sapita pamoto? Kodi mafuta akada, nayamba kuchita thovu ndi kufuka utsi msanga, atayidwa kapena angothiridwa ena pamwamba? Mayankho ake sanali ofanana pa chiwaya chilichonse.

Apa tinasankha kufafaniza liwu ndi kukonzanso ntchito. Tinagula ndowa ziwiri za mpopi ndi sopo, tinaziika poonekera, madzi ake othira mankhwala a kolorini. Tinapangana kuti nyama yophika kale izibwezedwa m'mafuta otentha wogula akuwona, ndi kuti mandasi ndi zitumbuwa zizikhala m'chidebe chovundikira, zotoledwa ndi foloko. Koma pa thabwa sitinalembe kanthu za ukhondo. Agogo aja anati: "Munthu wosamba salengeza kuti wasamba." Mlendo akawona ndowa ndi sopo adziwa yekha, akawerenga "chaukhondo" nawona ntchentche imodzi, watigwira bodza.

Otsiriza kuweruzidwa anali "mitengo yotsika nthawi zonse." Yotsika poyerekeza ndi kuti? Pathu mtengo wa chosema ukambidwa, ndipo sitibisa kuti ena a ife ayamba ndi mtengo wina akawona nkhope yachilendo. Amayi oluka anadandaulanso kuti mphasa imodzi idya masiku ambiri, kuyambira kudula bango, kuling'amba, kuliyanika mpaka kusoka, ndipo thabwa likati zonse nzotsika, wogula adzafika ali wokonzeka kunyoza thukuta lawo. Wina anati ndiye tilembe mtengo weniweni wa mbale ya tchipisi. Koma tinakumbuka kuti mu November 2023 ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 tsiku limodzi, mafuta ophikira nakwera, ndipo mtengo wolembedwa ndi utoto ukadasanduka bodza utoto usanasuluke. Choncho mitengo tinaichotsa pa thabwa la kumseu, ndipo wokazinga aliyense alemba yake ndi choko pa kabolodi kake, kuti mlendo ndi mwini mudzi alipire chimodzimodzi. Mphunzitsi wina wopuma anatikumbutsanso kuti lamulo loteteza ogula la 2003 liletsa kulengeza malonda mosocheretsa anthu. Kotero zimene tinkaziyesa ulemu chabe zili ndi boma kumbuyo kwake.

Titatha zonsezi, pa mawu 17 aja panalibe otsala, ndipo anyamata athu anakhala ndwii. Apa mpamene wolemba zikwangwani amene tinamuitana anatiphunzitsa chinthu china chimene sitinkachidziwa, chakuti ngakhale mawuwo akadakhala oona onse, sakadawerengeka. Anati mwa chizolowezi cha ntchito yawo, chilembo chotalika inchi imodzi chiwerengeka pa mtunda wa mafiti ngati 30. Tsono chilembo cha mainchi 6, ndiwo masentimita 15, chiyamba kuwerengeka pa mamita ngati 55. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola idya mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi, ndiye kuti woyendetsa ali ndi masekondi 4 okha, ndipo m'masekondi omwewo ayang'anenso mseu, njinga ndi mbuzi. Sitinangomukhulupirira. Tinalemba zilembo za msinkhu umenewo pa katoni, mnyamata nainyamula, ife nkumabwerera m'mbuyo tikuwerenga mapazi mpaka pamene zinayamba kusokonekera, ndipo tinapeza kuti sananame. Thabwa lathu linali lotalika masentimita 244, m'lifupi 122. Chilembo chimodzi pamodzi ndi mpata wake chifuna masentimita ngati 12, ndiye mzere umodzi sungapitirire zilembo 20. Anati: "Bambo, mundipatse mizere itatu, mawu asapitirire 7. Otsalawo mukanene ndi pakamwa mlendo atatsika."

Pamenepo tinazindikira kuti thabwa la kumseu lili ndi ntchito imodzi yokha, ndiyo kuuza munthu kumene ali, chimene chilipo, ndi chimene achite. Tinayesa "Onani zosema," koma oumba ndi oluka anafunsa ngati iwo anafa. Tinayesa kutchula zosema, zoumba ndi zoluka, koma malo anachepa. Potsiriza mtsikana wina woluka madengu anati tonsefe ntchito yathu nja manja, ndipo liwu limodzi litikwana. Mawu amene tinagwirizana ndi awa: "Taimani pa Dedza. Onani zamanja. Lawani zapachiwaya." Mzere wotalika uli ndi zilembo 17 ndi mpata umodzi, ndiwo masentimita 216, ndipo unalowa bwino. Pansi pake tinaika muvi woloza kokhotera ndi maola amene tipezeka. Pa maolawo tinadziletsanso: ngakhale ena afika mbandakucha ndi ena achoka usiku, tinalemba maola okhawo amene tonse tikhala titayala. Kwa alendo osamva chinenero chathu tinalembetsa mawu omwewo m'Chingerezi pa thabwa lina laling'ono, ndipo tinamuuza womasulira kuti asaonjezepo ngakhale liwu limodzi lokometsera.

Tinayesa kuti mlandu watha, koma agogo aja anakwezanso dzanja. Anati: "Liwu lakuti zamanja ndalimva. Nanga mikanda ija ndi timbale tija ta m'fakitale timene ena apikula m'tauni nkuyala pakati pa zathu?" Tinapangana kuti zopikula zikhale pa tebulo lawolawo kumapeto, ndipo wogulitsa asanene kuti anapanga yekha. Anapitiriza: "Ndipo mwati lawani. Pa msika kulawa salipira. Kodi inu a chiwaya mwavomera?" Okazinga anayang'anana. Wina anati tisinthe tilembe "idyani." Koma mkulu wawo anati chiyambire ntchito yake sanamanepo munthu kachidutswa kolawa, ndipo chimene achita kale sangaope kuchilemba. Onse anavomera kuti wofuna kulawa azipatsidwa kachidutswa ka mbatata kapena ka nyama, ndipo akapanda kugula asamutsatire ndi mawu. Chotero liwu limeneli linakhala, osati chifukwa likoma m'khutu, koma chifukwa anthu analonjeza kulisenza.

Mudzafuna kudziwa ngati thabwalo latilemeretsa. Sitinena zimenezo, pakuti tikatero tidzagwa m'mbuna yomwe tangotulukamo. Masiku ena galimoto ziima, masiku ena zipyola monga kale, ndipo m'dzinja alendo achepa, thabwa likhalepo kapena lisakhalepo. Dalaivala uja sanabwererebe. Chimene tinganene motsimikiza nchakuti chiimikire chikwangwanicho palibe mlendo amene watiloza chala nati mwalemba chimene mulibe. Ndipo njira yathu yodziwira ngati mawu ayamba kunama njapafupi: amene akhala polowera amvetsera funso loyamba la wotsika m'galimoto. Akafunsa kuti "Zamanjazo zili kuti?" timulozera. Tsiku limene adzafunse chinthu chimene sitingathe kuchiloza ndi chala, tidzadziwa kuti kaya thabwa kaya msika wasintha, ndipo chimodzi cha ziwirizi chiyenera kukonzedwa.

Tsono inu abale amene muganiza zolemba mawu pa khoma la okala yanu kapena pa kabolodi ka pamseu, musanagule utoto muitane munthu wokalamba amene sachita nanu manyazi, mumuwerengere mawu anuwo limodzilimodzi, ndipo pa liwu lililonse iye azikufunsani kuti "Chili kuti?" Chimene mungathe kuchiika m'manja mwake chilembeni. Chimene muyamba kuchifotokoza ndi "nthawi zina" kapena "anthu amati," chisiyeni. Agogo athu aja akali pamalo pawo polowera, mbiya zawo zili patsogolo, ndipo mlendo akafuna kugula amupatsa kamtengo kuti agogode yekha, amve ngati mbiya ilira bwino kapena ili ndi mng'alu.

Mukadzadutsa pa M1, taimani, mudzatiyese ngati tanena zoona. Tsalani bwino nonse, ndipo mutiperekere moni kwa ana.

Ndife abale anu a pa msika wa zamanja, ku Dedza.